Kulemba kalaliki wa pa sikelo: mafunso ndi malikisi tikonze bwanji kuti za chibale zisalowepo?

Mlembi_Makwasa
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Gulu lathu la alimi ang'onoang'ono a tiyi likufuna kulemba kalaliki wina wa pa sikelo mvula isanayambe, poti ikangofika Disembala tsamba limachuluka ndipo amene alipoyu sangathamange malo awiri. Makalata abwera 31, tasankhapo anthu 8 oti abwere ku intaviyu. Ulendo wapitawu komiti inangokhala pansi, aliyense n'kumafunsa chomwe chamufikira m'mutu. Wina anafunsidwa kuti amapemphera kuti, wina anacheza naye za mpira, wina sanathe n'komwe mphindi zitatu watuluka. Pomaliza atcheya anangoti "ine mtima wanga wagwa pa uje", onse n'kugwedeza mutu. Mpaka lero alimi amati tinalemba mlamu wa munthu. Tipange bwanji kuti ulendo uno tikafunsidwa pamsonkhano tikhale ndi choonetsa?

Sapitwa77
Chibale ndi fupa, sichiola. Mungalembe mapepala angati, munthu wa atcheya alowa basi.

Mphunzitsi_Khonjeni
Zosavuta izi achimwene. Jambulani tebulo papepala: kavalidwe 10, kalankhulidwe 10, kudzidalira 10, Chingerezi 10, kudziwa ntchito 10. Aliyense wa komiti azipereka malikisi, pomaliza muphatikize. Wapamwamba watenga ntchito. Ife kusukulu polemba mlonda tinatero.

Nantchengwa
Aphunzitsi, zoti aliyense azilemba malikisi mwalasa, koma tebulo limenelo silingachotse kukondera, lingokubisa m'manambala. "Kudzidalira 10" ndiye kuti chiyani? Amene ndamukonda ndimupatsa 9, amene sindimudziwa 5, ndipo palibe angandifunse chifukwa. Komanso pa 50 yanuyo, 40 yapita ku zinthu zimene sizipima tsamba. Ndakhala zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito ndipo matebulo otere ndawaona akupambanitsa mnyamata wa suti yobwereka, wodziwa ntchito n'kubwerera kwawo.

A Mlembi, musayambire pa mafunso. Yambirani pa sikelo pomwepo. Itanani kalaliki amene alipoyo ndi alimi atatu kapena anayi, amayi akhalepo, muwafunse kuti atchule masiku amene ntchito inasokonekera ndi masiku amene kalaliki anaigwira bwino. Asakuuzeni kuti "akhale wokhulupirika", akuuzeni zimene zinachitika. Mumva zonga izi: makilo a m'kaundula sanagwirizane ndi a kufakitale, mlimi anakana kudulidwa tsamba litanyowa, wina anabisa tsamba lokhwima pansi pa thumba, lole inafika anthu akadali pamzere. Mu nkhani zimenezo mutulukamo zinthu zinayi kapena zisanu zimene ntchitoyi imafuna. Pa kalaliki wa sikelo ine ndingayembekeze masamu ndi kulemba kaundula, kudziwa tsamba, kusagwedezeka akamakakamizidwa, ndi kudziwa kuzimitsa mkangano. Funso lililonse lichokere pa chimodzi mwa zimenezi. Funso limene simungathe kuliloza pa chimodzi mwa izo, lichotseni.

Kenako onse 8 afunsidwe mafunso omwewo, motsatana chimodzimodzi, ndi anthu omwewo, nthawi yofanana. Mafunso asanu pa mphindi 20 akwana.

Mnyamata_wa_Limbuli
Pepani akuluakulu, ntchitoyi ikadalipo? Ndili ndi setifiketi ya folomu 4, masamu ndinakhoza bwino. Komanso akafunsa kuti "tiuze za iwe mwini" munthu amayankha bwanji?

Mlembi_Makwasa
Tinatseka kale mphwanga. Ndipo kuchokera ku Limbuli kudzapima tsamba ku Makwasa m'mamawa uliwonse, malipiro onse athera mayendedwe.

Nantchengwa
Funso limene watchula mnyamatayu ndi loyamba kulichotsa pa malikisi. Amapambana nalo ndi wodziwa kuyankhula basi. Mutha kumufunsa munthu kuti wayenda bwanji kuti mtima ukhale pansi, koma osaikapo malikisi.

KalalikiWakale
Ine ndapima tsamba mpaka maso anayamba kuvuta, ndiye ndikupatseni funso lenileni. Mvula yagwa usiku wonse. Mlimi wabwera ndi thumba lodontha madzi. Lamulo la gulu likuti tsamba lonyowa lidulidwe makilo. Iye akukana, akukweza mawu, ndipo ndi mkulu wa komiti yomwe inakulemba ntchito. Kumbuyo kwake kuli anthu pamzere, lole ikumveka ikukwera chitunda. Utani? Amene ayankhe bwino pamenepa mulembeni, zinazo aphunzira.

Nantchengwa
Eya, limeneli ndi funso. Tiyeni tiligwiritse ntchito kuti muone mmene malikisi amakonzedwera, chifukwa mtima wa nkhani yonse uli pamenepa. Musanaone munthu aliyense, komiti ikhale pansi ilembe kuti yankho la 1 limamveka bwanji, la 3 bwanji, la 5 bwanji. Zilembedwe ngati zochita zimene munthu watchula. Mawu ngati "wayankha bwino" kapena "wayankha mwanzeru" asapezekepo.

Malikisi 1: akuti angomulandira osadula poti ndi bwana, kapena akuti amusiya n'kuyamba kukangana naye mzere utaima.

Malikisi 3: akuti adula monga lamulo likunenera ndipo amufotokozera mwaulemu, koma sakutchulapo za mzere, za kulemba, kapena kokanena.

Malikisi 5: adula monga amadulira wina aliyense, amuonetsa mlimiyo sikelo ndi pomwe walemba, akapitiriza kukana aika thumbalo pambali n'kupitiriza kupima ena kuti lole isawasiye, alemba zimene zachitika ndipo akanena kwa amene amamuyang'anira tsiku lomwelo.

2 ndi 4 ndi za mayankho ogwera pakati. Mukatero, wa komiti akapereka 5 kwa munthu amene sanatchule za kulemba, mumangomufunsa kuti "anazinena pati?" Mkangano umachoka pa munthu n'kupita pa zimene ananena.

Lembaninso mafunso othandizira, awiri okha pa funso lililonse, monga "kenako mungatani?" ndi "akakanabe?", ndipo aliyense amene yankho lake lafupika afunsidwe omwewo. Kukondera kwambiri kumalowera apa. Wokondedwa amathandizidwa mpaka yankho litatuluka, "simungakanene kwa akapitawo kapena?", iye n'kungoti "eee ndingakanene". Winayo akangokhala chete pang'ono amamva "chabwino, tipitirire".

Dzungu_Bvumbwe
Koma nkhani yodula makilo a madziyi ndiye kuba kwenikweni. Amadula ndi maso, lero kilo imodzi mawa ziwiri. Ndipo mtengo wa tsamba ukuyenderana ndi mtengo wa feteleza? Musatinamize.

Mai_a_Mapasa
Musayambe za mtengo bambo, tigona pompano. Ife chaka chatha tinadikira ndalama mpaka ana anabwezedwa kusukulu.

Dzungu_Bvumbwe
Ndiye n'chifukwa chake ine ndinabwerera ku kabichi ndi tomato. Pamsika wa Bvumbwe ndalama ndi ya pompopompo.

Sapitwa77
Tomato akachuluka mumatayanso m'ngalande, takuonani.

Mlembi_Makwasa
Abale, za mtengo tidzatsegula tsiku lake. Amayi Nantchengwa, nanga masamu timafunsa pakamwa? Ena mwa 8 aja sanagwirepo ntchito ya sikelo, koma ena awiri anagwirapo ku esiteti.

Nantchengwa
Masamu asafunsidwe pakamwa, achite. Apatseni onse pepala limodzimodzi nthawi imodzi, m'chipinda chimodzi, intaviyu isanayambe. Mwachitsanzo alimi 6 abweretsa makilo 12.5, 8, 21.5, 17, 9.5 ndi 14. Tinene kuti thumba lopanda kanthu ndi theka la kilo. Aphatikize, apeze 82.5, achotse makilo 3 a matumba 6 aja, atsale ndi 79.5. Kenako muwapatse tsamba la kaundula lolembedwa kale momwe mwabisamo zolakwika ziwiri, monga dzina lolembedwa kawiri ndi kuphatikiza kophonya, azipeze. Pamapepalawo alembe nambala m'malo mwa dzina, ndipo wochonga asadziwe kuti nambala 4 ndi ndani. Panja muike dengu la tsamba losakaniza, aliyense asankhe labwino, la masamba awiri ndi kansonga, apatule lokhwima. Zimenezi muzipatse malikisi 15, mafunso asanu aja 25, zonse 40. Kagawidwe kameneka kalembedwe ndi kusainidwa lisanafike tsikulo. Mukakasiya, pamapeto wina adzati "koma masamu ndiye ofunika kwambiri" atawona kuti munthu wake wakhoza masamu.

Za amene sanagwirepo ntchito, samalani ndi mafunso oti "tiuzeni nthawi imene munapeza makilo asakugwirizana". Ndi mafunso abwino chifukwa zimene munthu anachita n'zovuta kupeka kusiyana ndi zimene akuti angachite, koma ayankha ndi awiri a ku esiteti okhawo. Tambasulani funsolo: "tiuzeni nthawi imene munasunga ndalama kapena katundu wa anthu ena ndipo zinapezeka kuti zaperewera." Mayi amene wakhala msungichuma wa banki m'khonde ali ndi yankho, mnyamata wogulitsa mugolosale ya amalume ake alinso nalo. Mufunse kuti zinali bwanji, iyeyo anachitapo chiyani, zinatha bwanji. Mukamva "tinachita, tinachita", funsani kuti "inuyo munachita chiyani?"

Mai_a_Mapasa
Pamenepo mwandikumbutsa. Mng'ono wanga anapita ku intaviyu ya ukalaliki pamalo ena kuno ku Thyolo. Funso loyamba, "muli pabanja?" Lachiwiri, "mwana akadwala ntchito muisiyira ndani?" Mwamuna amene analowa pambuyo pake ali ndi ana asanu, sanamufunse zimenezo. Mng'ono wangayo anatuluka misozi ili m'maso, masamu sanamufunse ngakhale amodzi.

Nantchengwa
Mafunso amenewo si kupanda ulemu kokha. Lamulo la ntchito la 2000, gawo 5, limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chiyankhulo, ndale, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja kapena udindo wa pabanja. Ngati nkhawa ndi yoti sikelo imatsegulidwa m'mamawa ngakhale Loweruka, uzani onse 8 nthawi ya ntchito, muwafunse onse ngati angakwanitse. Za mwana adziwa yekha.

Anganga_Goliati
Ine ndimakana pang'ono ana inu. Munthu umamudziwa pomuyang'ana ndi pomva za kwawo. Mwana wa uje tikudziwa kuti bambo ake anali ndi dzanja lalitali, ndiye chifukwa wayankha bwino mafunso asanu timupatse sikelo? Pepala silidziwa mbiri ya munthu. Komanso intaviyu yowerenga mafunso papepala ngati kupolisi, munthu amauma pakamwa.

Sapitwa77
Agogo, ndiye mwana alipire za bambo ake?

Mphunzitsi_Khonjeni
Agogo ali ndi mfundo mbali ina. Wakuba wochenjera ndi amene angayankhe bwino funso la chilungamo.

Nantchengwa
Zoona aphunzitsi, ndipo sindinganame kuti intaviyu imagwira wakuba. Chimene imachita n'kuyeza anthu onse ndi muyezo umodzi. Za mbiri zili ndi malo ake: mukapeza awiri apamwamba, imbirani anthu amene anagwira nawo ntchito kapena kuwasungitsa ndalama, mafunso omwewo kwa onse awiri, ndipo mulembe zimene mwamva. Koma ikhale mbiri ya iye mwini, agogo. Za bambo ake ayi. Ndipo kalaliki aliyense, wabwino kapena woipa, makilo ake azifananizidwa ndi a kufakitale. Zouma pakamwazo zimachepa mukamuuza munthu poyamba kuti mafunso ndi asanu, onse akufunsidwa omwewo, tizilemba pamene mukuyankhula, ndipo mutha kupempha kuti tibwereze funso.

Anganga_Goliati
Mwanena bwino mwanawe, koma ine pa sikelo yanga mwana wa uje sindingamuike.

MwanaAlomwe
Nanga chiyankhulo? Kwathu kuno ukangoyankha m'Chichewa amakuona ngati mbuli, ngakhale ntchito yake ndi yoyankhula ndi agogo a ku Thekerani amene mwina asakanizamo ndi Chilomwe.

KalalikiWakale
Pa sikelo Chingerezi ndinkachiona pa fomu basi. Funsani m'Chichewa. Ngati fomu ya kufakitale ili m'Chingerezi, apatseni fomuyo adzaze, muone. Kudzaza fomu ndi kutafuna Chingerezi n'zosiyana.

Msungichuma_Luchenza
Ndikuuzeni zimene zinatichitikira pa komiti ina, muone kuti malikisi nawonso amaberedwa. Tinali atatu, mafunso asanu, aliyense pa 25. Mtsikana wina ife awiri tinamupatsa 18 ndi 19, mkulu wachitatuyo 9. Mnyamata wina ife 14 ndi 15, mkulu uja 25 yonse. Kuphatikiza, mtsikana 46, mnyamata 54. Anthu awiri mwa atatu tinaona kuti mtsikana waposa, koma wapambana ndi mnyamata, ndipo pepala likuchitira umboni. Patapita nthawi tinamva kuti ndi mwana wa mlongo wake. Ndiye a Sapitwa77 sakunama kwenikweni.

Sapitwa77
Mwamva? Ndimanena ine.

Nantchengwa
Nkhani imeneyi ndi yabwino chifukwa chinyengocho chikuoneka ndi maso, pomwe pa "mtima wanga wagwa pa uje" simukanachiona n'komwe. Pali zotchinga zitatu zimene zinasowa.

Choyamba, mayina 8 aja awerengedwe kwa ofunsa tsiku lisanafike, aliyense asaine kuti mulibe m'bale wake, mlamu, kapena amene ali naye ngongole kapena mlandu. Kumudzi aliyense amadziwana, ndiye kudziwana kokha si chifukwa, koma ubale wapafupi ndi ndalama. Amene ali ndi m'bale atuluke mu intaviyu yonse, alowe wina. Akangotuluka pa m'bale wake yekhayo, atsala ndi mpata wotsitsa anthu 7 enawo, monga anachitira mkulu uja ndi 9 wake.

Chachiwiri, aliyense alembe zimene munthu akunena, apereke malikisi payekha ndi bolopeni munthuyo akangotuluka, asanayankhule ndi mnzake, ndipo mapepala atoleredwe wina asanalowe. Atcheya asayambe kunena maganizo awo. Akangoti "koma ameneyu ndiye wayankha", ena onse malikisi amakwera okha. Musadikirenso kuti onse 8 athe, chifukwa pofika madzulo mukumbukira woyamba ndi womaliza, apakati asakanikirana.

Chachitatu, muphatikize funso ndi funso, ndipo pomwe ofunsa asiyana ndi malikisi oposa 1, imani. Mtsikana uja ngati pa funso la tsamba lonyowa anapeza 4, 4 ndi 1, wa 1 uja awerenge zimene analemba, muziike pambali pa muyezo uja wa mayankho a 1, 3 ndi 5. Mwina anamva chinthu chimene ena sanamve, zimachitika, ndipo awiriwo ndi amene angasinthe. Koma ngati palibe chimene angaloze, asinthe ndi iye, asaine pambali. Akakakamira, gwirizanani kale kuti mutenga malikisi apakati mwa atatuwo. Pa nkhani ya a Msungichuma, apakati pa 9, 18 ndi 19 ndi 18, ndipo apakati pa 14, 15 ndi 25 ndi 15. Mtsikana akanapambana.

Msungichuma_Luchenza
Zotenga apakatizi sindinaziganizepo. Koma akagwirizana awiri mwa atatu?

Nantchengwa
Akagwirizana awiri ndiye pepala lagonja. Chimene mungachite n'kusankha ofunsa osachokera kumodzi: mmodzi wa komiti, mlimi wamba wosankhidwa ndi alimi anzake, ndi munthu wakunja wodziwa ntchitoyo. Pakhale mayi ndi bambo.

Dzungu_Bvumbwe
Wakunjayo adzafuna alawansi ndi fanta. Mwaika pa bajeti?

Mphunzitsi_Khonjeni
Itanani amfumu akhale mboni, saipitsa.

MwanaAlomwe
Amfumu akakhala m'chipindamo ndani angapatse 2 mwana wa m'mudzi mwawo? Adzamve zotsatira pamsonkhano ngati wina aliyense.

Mlembi_Makwasa
Ndalemba zonse. Koma ndili ndi nkhawa imodzi. Mukuti komiti ikhale pansi ilembe mafunso ndi mayankho a malikisi 5 tsiku lisanafike. Komiti yathu ndi ya anthu 10. Pofika mawa lake pepala limenelo lili pa foni ya mwana wa munthu, adzangolakatula ngati ndakatulo.

KalalikiWakale
Wolakatula amadziwika. Mukangoti "akakanabe?" amayambiranso pachiyambi.

Nantchengwa
Ena amadziwika, ena ayi. Komiti yonse igwirizane pa zinthu zinayi zija ndi kagawidwe ka 15 ndi 25, zimenezo si chinsinsi, muthanso kuwauza onse 8 m'kalata yowaitana. Koma mawu enieni a mafunso ndi muyezo alembe ofunsa atatu okhawo. Ena amakonza mafunso awiri pa chinthu chilichonse n'kuchita maere m'mawa wa tsikulo. Ndipo amene wamaliza asabwerere pabenchi pomwe akhala odikira, mafoni asungidwe.

Musanafike tsikulo yesani muyezowo. Kalaliki amene alipoyo ayankhe funso limodzi ngati ofunsira ntchito, atatuwo apereke malikisi payekhapayekha. Akapereka 2, 4 ndi 5 pa yankho limodzi, vuto lili pa muyezo, mawu ake ndi otayirira, akonzeni. Mukaonanso kuti aliyense angapeze 5 mosavuta, funsolo silikusiyanitsa anthu.

Msungichuma_Luchenza
Pamenepo ndiye kalalikiyo wamva funso. Iyeyo alibe m'bale mwa 8 aja?

Nantchengwa
Mwandigwira. Ayesere pa funso limene simudzaligwiritsa ntchito, kapena mupeze kalaliki wa gulu lina lakutali.

Sapitwa77
Funso langa palibe wayankha. Makalata anali 31, atsala 8. Anasankha 8 amenewo ndani, potengera chiyani? Ngati munthu wa atcheya analowa kale ndipo amene akanamuposa anatsala mu 23 aja, malikisi anuwo akungokongoletsa.

Mlembi_Makwasa
Anasankha atcheya ndi achiwiri awo. Anati anayang'ana setifiketi ndi malo okhala.

Sapitwa77
Basi.

Nantchengwa
Apa a Sapitwa77 anena zoona. Ngati makalata oitana sanatuluke, bwererani ku 31 aja. Lembani zofunika zimene munaika pa chidziwitso cha ntchito, anthu awiri aone kalata iliyonse payekhapayekha, inde kapena ayi pa chofunika chilichonse. Akapitirira 8 okwanira, onsewo alembe mayeso a masamu aja, apamwamba ndi amene alowe intaviyu. Pepala la masamu silidya nthawi ngakhale anthu atakhala 20. Mapepala onse, a osankhidwa ndi osasankhidwa, muwasunge mu envulopu yomata, kuti wodandaula akabwera aone malikisi ake.

Mlembi_Makwasa
Makalata sanatuluke, koma atatu mwa 8 aja atcheya anawauza kale pakamwa. Komiti ikumana Lachinayi. Sindikudziwa ngati avomere kubwerera ku 31, ndipo mlembi sangalamule tcheya.

Mai_a_Mapasa
Musakanene nokha. Uzani alimi awiri atatu olimba pakamwa akafunse iwowo. Ndipo mlimi wokhala pa ofunsa atatu aja asankhidwe pamsonkhano, asachite kulozedwa ndi atcheya.

Anganga_Goliati
Mukasowa wakunja ndilipo, bola galimoto idzanditenge.

KalalikiWakale
A Mlembi, funso langa la tsamba lonyowa lija musaligwiritsenso ntchito, laonedwa ndi anthu ambiri pano. Ndikutumizirani lina kumbali, la mlimi wobwera ndi thumba la mnzake amene ali ndi ngongole ya feteleza n'kumati mulembe pa dzina lake.

Sapitwa77
Ndiye mwalinenanso pano, akulu.